Tsamba Limodzi la Nazishalo

Ine ndinalowapo m'banki ndi matumba obooka, potuluka bwana wa bankiyo n'kumandithamangira pambuyo, misozi ili chuchuchu, kundichonderera kuti nditengeko ngongole poti ndalama zinkachita nkhungu m'kabati mwawo. Ndinakana. Chabwino, limenelo ndi bodza. M'banki ndinalowamo kamodzi kokha, kukabisala mvula, ndipo mlonda ananditulutsa isanakate. Amene za ngongole anazilowa zenizeni kubanja kwathu ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, uja anthu amamutcha Nazishalo. Amalume amene muwamve akusokosera m'nkhaniyi ndine ndemwe, koma ndiziwatchula ngati mlendo kuti manyazi achepe.

Nazishalo amakonza zishalo za njinga zamoto. Kachipinda kake kali kuseri kwa sitolo ya matayala, moyang'anana ndi pamene anyamata a njinga zamoto amadikirira anthu. Muli tebulo limodzi, sizasi yaikulu ngati ya dotolo wa njovu, chitini cha guluu, kamfuti kokhomera masitepulo, ndi mulu wa siponji umene mphaka wa eni matayala anausandutsa hotela. Pakhoma pali msomali umene amabayapo malisiti.

Sanabadwe ndi sizasi m'manja, ngakhale amalume ake amalumbira kuti anadzidula yekha mchombo. Sukulu anaisiyira panjira bambo ake atamwalira, n'kukalowa ntchito yosesa kwa anthu opanga masofa. Kumeneko ankatola zidutswa za siponji ndi za lekisini, nsalu ija yooneka ngati chikopa, n'kumayeserera madzulo abwana akaweruka. Tsiku lina mnyamata wina anabwera ndi chishalo chong'ambika, amisiri onse n'kuchinyoza kuti ndi kantchito ka ana. Iye anachikonza. Mawa lake kunabwera awiri. Pakutha pa chaka anali atabwereka kachipinda kaja, dzina lake lenileni litatsala pa chiphaso chokha.

Ndi mayi wosalankhulalankhula. Ana ake awiri amadziwa kuti amayi akati "ndamva" ndiye kuti nkhani yatha. Mwamuna wake ndi wothandizira dalaivala wa lole, amaoneka pakhomo ngati mwezi, kukhala pang'ono n'kuzimiriranso.

Ntchito yake imayenda chonchi. Amasenda chikuto chakale, kudula siponji yatsopano, kuimata, kuisema mpaka ikhale bwino pansi pa munthu, kenako n'kudula lekisini. Vuto linali pa kusoka. Makina ake opalasa ndi mwendo, amene anasiya amayi ake, anapangidwira madiresi. Akafika pamene lekisini yapindana katatu, ankathyola singano n'kumadumpha ulusi ngati mwana wokana kusamba. Choncho zidutswa zonse ankazinyamula kupita nazo kwa bambo wina amene anali ndi makina olemera a magetsi, ndipo ankamulipira 3 sauzande pa chishalo chilichonse. Bamboyo anthu amamutcha a Bweranimawa, ndipo dzinalo sanalipeze mwangozi.

"Asisi, chishalo changa?" mnyamata wa njinga ankatero, atakhalira chiguduli pa chitsulo.

"Chili kosoka."

"Dzulo munati chili kosoka. Kodi akusoka ndi mano? Makasitomala akundithawa, akuti njinga yanga ikuluma."

Ndiye kunamveka kuti mkulu wina wosoka matenti akutseka shopu chifukwa maso afooka, ndipo akugulitsa makina ake olemera pa 800 sauzande. Nazishalo anapita ndi chidutswa cha lekisini, anachipinda kanayi, makinawo n'kudutsapo ngati akusoka mpango. Iye anali atasunga 200 sauzande yokha. Mkuluyo anati amudikira mpaka mwezi uthe, osapitirira, pakuti a Bweranimawa nawonso anali atabwera kudzawasisita makinawo. Akanawagula iwo, Nazishalo akanakhala wa "bwerani mawa" mpaka imvi.

Ku bungwe lobwereketsa ndalama anamuuza kuti abweretse pulani ya bizinesi. Mawu amenewa anamulemera. Anawatengera kwa amalume ake, poti iwo anagwirapo ntchito yonyamula makalata mu ofesi ina ndipo kuyambira pamenepo amayenda ndi cholembera pathumba la malaya.

"Wafika pakhomo poyenera, mphwanga," anatero amalumewo. "Anthu a ndalama sapatsa munthu wooneka wosauka. Ukapita ngati nkhuku, amakuponyera madeya. Upite ngati njovu."

Anakakhala masiku awiri kwa mtsikana wotayipa makalata, iwo akulankhula ali chiimire, manja kumbuyo. Kunatuluka buku la masamba khumi ndi anayi, lachikuto cha pulasitiki, pamwamba pali chithunzi cha fakitale ya eni ake yofuka utsi. M'katimo munali masomphenya, mbiri ya banja kuyambira kwa agogo, ndi lonjezo loti pakutha pa zaka zisanu Nazishalo adzakhala ndi antchito mazana awiri ndipo adzakhala akukonza mipando ya ndege. Ngongole anapempha ya 5 miliyoni. "Ukapempha ng'ombe amakupatsa mbuzi," anatero. Nazishalo anati "ndamva," koma "ndamva" wake wa tsiku limenelo anali wowonda.

Ofesi ya ngongole inali chipinda chopapatiza, benchi ya anthu odikira itatsamira khoma, fani ikuzungulira mwaulesi. Kuseri kwa tebulo kunali mayi wa magalasi, mafayilo atamuunjikira mbali zonse moti ankaoneka mutu wokha. Tiyi wake anali atazizira kalekale. Anthu pabenchipo ankangomutcha amayi a ngongole.

Analandira bukulo, analiyeza kulemera m'dzanja, anatsegula tsamba loyamba, n'kudumpha mpaka lomaliza.

"Mayi, mwezi wathawu munakonza zishalo zingati?"

Nazishalo anayang'ana bukulo ngati liyankha lokha. "Mwina zili pa tsamba lachisanu ndi chiwiri."

"Pamenepo pali ndege. Ndikufunsa inuyo."

"Makumi anayi. Kapena kuchotsapo chimodzi."

"Nanga 5 miliyoni mukufuna mugulire chiyani?"

"Makina ndi 800 sauzande."

"Yotsalayo?"

Nazishalo anayang'ananso bukulo. Mayi uja anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Sanakalipe.

"Taonani mafayilowa. Onsewa akudikira ine, ndipo Lachisanu ndimakaima pamaso pa komiti kukafotokoza chifukwa chake munthu aliyense tikumupatsa ndalama za eni. Buku ili sindingaliwerenge, ndipo ndikaliwerenga sindingalikhulupirire. Analemba ndani?"

"Amalume."

"Ali ndi mphatso. Adzalembe sewero." Anatenga pepala limodzi loyera n'kumupatsa. "Mundilembere pamenepa, kutsogolo kokha. Ndinu ndani ndipo mwagwira ntchitoyi nthawi yaitali bwanji. Mumagulitsa chiyani, kwa yani, pa mtengo wanji. Pa mwezi zimalowa zingati, zimatuluka zingati, kuphatikizapo zimene mumatengera kunyumba. Mukufuna zingati, zogulira chiyani, inuyo mwaikapo zingati. Mudzabweza ndi ndalama zochokera kuti. Chingasokonekere n'chiyani, ndipo chikole chanu n'chiyani. Nambala iliyonse imene mulembe ikhale yoti ndikabwera kwanuko ndingathe kuigwira ndi dzanja."

"Zonsezo pa tsamba limodzi?"

"Zoona sizidya malo, mayi. Wotsatira!"

Amalume atamva, anakwiya mpaka cholembera chinagwa m'thumba. Anati mayi ameneyo ndi waulesi, sukulu yake ndi yokayikitsa, ndipo buku ngati lija kunja amalipatsa mendulo. Nazishalo anayala pepala lija patebulo lodulira, anathothola malisiti onse pa msomali, n'kuyamba kuwerengera kuseri kwa katoni kuti asadetse pepala labwino.

Chishalo chimodzi amalipiritsa 15 sauzande. Lekisini, siponji, guluu ndi masitepulo zimadya 7. A Bweranimawa 3. Pa zishalo makumi anayi ndiye kuti zimalowa 600 sauzande, zipangizo n'kutenga 280, kusoketsa 120, lendi ndi magetsi 50. Zotsala 150. Apa anamwetulira, n'kudziona wolemera, mpaka anakumbukira mawu aja akuti zotengera kunyumba. Ndalama zimenezo anali asanaziwerengepo chibadwire. Ankangopisa dzanja m'chitini madzulo, lero za ndiwo, mawa za sopo, mkuja za nsapato ya mwana. Anakhala pansi ndi mwana wake wamkulu n'kumakumbutsana, ndipo zinakwana 110 sauzande. Kulemera konse kuja kunatsala 40.

"Usalembe zimenezo!" anatero amalume, amene anali atakhala pa mulu wa siponji atathamangitsa mphaka. "Akaona 40 adzakuseka. Wonjezera ziro. Ziro si bodza, ndi kanthu kopanda kanthu."

Koma Nazishalo maso anali pa 120 wa a Bweranimawa. Anali asanaionepo ndalama imeneyi ili pamodzi. Pa chishalo chimodzichimodzi inkaoneka yochepa, koma pa mwezi inali yoposa chakudya cha ana ake. Ku ofesi kuja anali atamuuza kuti ngongole ya 600 sauzande, pamodzi ndi chiwongoladzanja, angamabweze 75 sauzande pa mwezi kwa miyezi khumi. Analemba mosamala, zilembo zikuluzikulu: Ndidzabweza ndi ndalama zimene panopa ndimalipira wondisokera. Sanalonjeze kuti makasitomala adzachuluka, ngakhale mumtima ankadziwa kuti adzachuluka. Anachotsapo 15 sauzande ya magetsi owonjezera, singano ndi mafuta a makina.

Panatsala funso la zimene zingasokonekere. Pa chaka pamakhala miyezi iwiri imene anyamata a njinga amagwira ndalama zolipirira ana sukulu, chishalo chong'ambika n'kumangochimanga ndi lamba wa chubu. Miyezi imeneyo zishalo zimatsika kufika makumi awiri ndi zisanu, ndipo umodzi mwa miyeziyo unkagwera m'kati mwa nthawi yobweza ngongole.

"Iwe mwana iwe, unaona kuti munthu wokafunsira mbeta akuyamba ndi kunena kuti amaliza mkonono?" anafunsa amalume.

"Akadzaumva usiku woyamba, amalume."

"Pamenepo ukwati wachitika kale!"

Analemba ndithu. Anasonyeza kuti mwezi woterowo, akabweza ngongole, za kunyumba zidzaperewera 50 sauzande, ndipo adzazitenga pa zimene azidzapatula m'miyezi yabwino, poti makina akabwera pazidzatsala 70 mwezi uliwonse. Analembanso kuti magetsi akazima adzadula ndi kumata masana n'kusoka akayaka. Chikole anaika makina omwewo, kuwonjezapo makina akale a amayi ake. Polemba mzere umenewu dzanja linaima kaye pang'ono. Kumbuyo kwa pepalalo anamatako ndi sitepulo kalata ya mkulu wa matenti yonena mtengo, ndi malisiti a lekisini a miyezi itatu.

Atabwerera nalo ku ofesi, amayi a ngongole analiwerenga tsambalo tiyi asanazizire. Anadinadina pa kakyuleta, anachonga manambala awiri, n'kufunsa chifukwa chake sanaikepo malipiro a wantchito.

"Ndilibe wantchito."

"Mukadwala?"

"Mwana wanga wamkulu amatha kudula ndi kumata. Kusoka ndidzamuphunzitsa."

"Lembani pansipo, malo alipo. Ndibwera Lachinayi kudzaona."

Lachinayi limenelo mwezi unali utatsala pang'ono kutha, ndipo a Bweranimawa anali atamveka akufunsa mtengo wa ngolo yonyamulira makina. Nazishalo anasesa kachipinda kake kawiri. Amalume anafika osaitanidwa, atavala jekete la maliro ndi maukwati, n'kudziika okha pakhomo ngati mlonda.

"Amalume, chonde, lero musalankhule."

"Ine? Ndikhala ngati mwala."

Mwalawo unaona mayi wa magalasi akutsika njinga yamoto patsidya pa msewu, n'kuthamanga kukamulandira. Nazishalo, ali pawindo, anamva zonse. Anamva amalume akudzitchula mlangizi wamkulu wa kampani. Anamva akunena kuti anthu amagona pamzere kudikira zishalo, ndi kuti mphwawo amakonza makumi anayi pa tsiku, tsiku loipa.

Mayi uja analowa, anapereka moni, n'kuyamba ntchito yake osafulumira. Anafunsa kuti chishalo chimodzi chimadya lekisini yaitali bwanji. Theka la mita, anatero Nazishalo. Mayiyo anawonkhetsa malisiti: mamita makumi awiri mwezi uno, makumi awiri ndi imodzi mwezi watha, khumi ndi asanu ndi anayi mwezi winawo. Anagwedeza mutu. Anapempha lisiti la lendi. Anatuluka kukaima ndi anyamata a njinga, n'kufunsa mmodzi kuti chishalo chake anakonzetsa zingati.

"Fifitini, madamu. Koma muwauze achepetse, ndife ana awo."

"Chimalimba?"

"Chimalimba, koma kudikira kwake! Ukasiya chishalo uli mnyamata, umakachitenga uli ndi zidzukulu."

Anabwerera m'kati, anakhala pa mpando umene Nazishalo anaupukuta ndi chitenje, n'kuika tsamba lija pabondo. Amalume anali ataima pakhomo, chifuwa patsogolo.

"Mayi, zonse zikugwirizana, kupatula chimodzi," anatero. "Pepala lanu likuti zishalo makumi anayi pa mwezi. Bambo awa, amene akuti ndi mlangizi wanu, andiuza zina panja. Ngati zawozo n'zoona, ndiye kuti pali ndalama zambiri zimene mwandibisira, ndipo sindingadziwe kuti mwabisanso chiyani. Ndikanene ziti ku komiti?"

Nazishalo anayang'ana pansi. Amalume amenewa ndi amene anagula bokosi la maliro a bambo ake. Ndi amene anamunyamula pa njinga kupita naye kuchipatala atathyoka mkono ali mwana, ngakhale iwo amati anamunyamula pamutu akusambira mumtsinje wosefukira. Chibadwire anali asanawatsutsepo pamaso pa mlendo. Akanama ankangoti "ndamva," bodzalo n'kudutsa ngati mphepo. Koma lero bodzalo linali litakhala pa makina ake.

"Zoona ndi za papepalazo, madamu," anatero motsitsa mawu. "Amalume si alangizi a kampani. Kampani palibe. Ndi amalume anga basi, amandikonda, ndiye akamandiyamikira amapitirira."

"Amapitirira kwambiri?"

"Mukagawa ndi makumi atatu mumapeza zoona zake."

Amayi a ngongole anayesa kuugwira mlomo, koma phwete linatuluka. Anatenga cholembera n'kulemba mizere iwiri pansi pa tsambalo, n'kusaina.

"Mawa ndikalipereka ndi mawu anga oti mupatsidwe. Pepala lotere komiti siivuta nalo. Ikavomera, ndalama sitikupatsani m'manja, tikalipira tokha kwa mwini makina, inu mukapereke 200 yanuyo. Muwauze asagulitse."

Nazishalo anati "ndamva," ndipo ameneyu anali "ndamva" wonenepa. Anaperekeza mlendo mpaka pamsewu. Lachisanu madzulo foni inalira, komiti itavomera, ndipo Loweruka makina anafika pa ngolo, anyamata anayi a njinga akuwatsitsa uku akukangana kuti woyamba kusokeredwa akhala ndani.

Amalume anafika makinawo atayamba kale kulira. Anaima pakhomo, anakonza jekete, n'kuyembekeza kuti phokoso lichepe.

"Komatu mphwanga, tsiku lija unandichititsa manyazi pachabe. Mayi uja sanandimvetse, makutu ake ndi a mafayilo. Ine ndinati makumi anayi pa mwezi, ndendende ngati pepala lako."

Nazishalo anadula ulusi, anatembenuza lekisini, osadzutsa mutu.

"Munati pa tsiku, amalume. Tsiku loipa. Ndinali pawindopa."